Zaka Zenizeni za Mwana pa Bwalo la Mpira

Mphunzitsi wamkulu akamalandira anyamata atsopano m'timu ya ana osapitirira zaka 15, amanena zimene tonse timaziyembekezera: kusunga nthaŵi, kulemekeza woimbira mpira, kusajomba kusukulu. Mphunzitsi wa ana athu anangozitchula zimenezi mwachidule. Pamene anakhalitsa mpa nkhani ya zaka, imene inatilasa ife makolo koposa anawo.

"Takulandirani, ana anga," anatero, "koma yunifolomu sindipereka ndisanaone tsiku limene munabadwa. Mumpikisano wa 2025, wathu ndi wobadwa pa 1 Januwale 2010 kapena pambuyo pake. Wobadwa pa 31 Disembala 2009 apite kwa akulu anzake, ngakhale wasiyana ndi mnzake tsiku limodzi lokha."

Anafuna mapepala atatu: khadi la kusikelo, kalata ya ubatizo ndi kalata ya kusukulu. Pepala limodzi munthu angathe kulikonza. Atatu olembedwa ndi manja osiyana, pa zaka zosiyana, savomerezana msanga pa bodza. Msinkhu anati sauyang'ana konse, pakuti alipo mwana wa zaka 14 amene mawu anakula kale, ndiponso wa zaka 17 wooneka ngati wa Sitandade 6.

Kenaka anafotokoza za mnyamata wa zaka 17 amene walembedwa kuti ali ndi 14. Chaka choyamba amagoletsa zigoli zambiri, popeza amangokankha tiana ndi pheŵa n'kudutsa. Sasoŵa kuphunzira kuimitsa mpira bwino, kupatsira msanga kapena kumenya ndi mwendo wamanzere. Pakapita zaka zitatu anzakewo amakula n'kumupeza, mphamvu zimafanana, ndipo iye amatsala wopanda luso pa msinkhu umene miyendo siphunziranso mofulumira. Nthaŵi yonseyo mwana wa zaka 14 zenizeni wakhala panja akuonerera, kapena wavulala polimbana ndi munthu womuposa thupi. Ife tiona kuti wachiŵiriyu ndiye wolakwiridwa kwambiri, pakuti palibe amene amamufunsa.

Ena adzati makina alipo. Zoonadi, kuyambira mu 2009, pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 umene unachitikira ku Nigeria, bungwe la FIFA linayamba kujambula mkono wa oseŵera ndi makina a MRI. Pafupi ndi chikhatho, fupa la mwana limakhala ndi malo ofeŵa pamene limakulira, ndipo malowo akalumikizana kotheratu munthuyo amaganiziridwa kuti wapitirira zaka 17. Koma mwana wa zaka 14 ndi wa zaka 16 kaŵirikaŵiri onse fupalo limakhala lisanalumikizane, choncho kujambulako sikuwalekanitsa.

Nchifukwa chake mphunzitsiyo anatembenukira kwa ife amene tinakhala kumbuyo. Anapempha kuti kholo lililonse libwere lokha ndi mapepalawo Loŵeruka, lisaine dzina lake pambali pa tsiku lobadwa la mwana, ndi kuti kalata ya ubatizo ikakhala yofufutidwa, tikapemphe mlembi wa mpingo atsegule buku.