Masamba Khumi Opemphera Ngongole

Ntchito yanga inayamba ngati yojambula mapepala ndi kutaipa makalata. Ndili ndi kachipinda m'tauni ya Bindura, momwe muli kompyuta, makina osindikizira ndi benchi ya anthu atatu. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya mgodi, ndipo ife tinakulira kukomboni, tikuyankhula Chichewa panyumba ndi Chishona kusukulu. N'chifukwa chake anthu akwathu akafuna kukaonekera kubanki amayamba adutsa kwa ine. Ndimawakonzera masilaidi, timasamba tija munthu amaonetsa wobwereketsa ndalama pofotokoza bizinesi yake. Ndimakonzera mu PowerPoint, koma nthawi zambiri ndimawasindikiza papepala, chifukwa m'maofesi a ngongole mumakhala tebulo chabe, ndipo mkulu wa ngongole amafuna pepala loti alembepo ndi bolopeni.

Achinyamata ambiri amabwera ndi masilaidi okopera pa intaneti, oyamba ndi maloto akuti bizinesi idzafika ku Africa yense. Amenewo analembedwera anthu ogula gawo la kampani, omwe amadya nawo phindu ikakula. Wobwereketsa ngwosiyana. Bizinesi yanu ikakula kakhumi, iye amalandira ndalama yake yomwe ija ndi chiwongoladzanja basi. Funso lake ndi limodzi: ndalama yanga ibwerera bwanji, mwezi ndi mwezi? Tsamba lililonse lomwe siliyankha funso limeneli ndimalichotsa.

Ndifotokoze za mayi wina wa ku Chipadze, telala wosoka maovololo a anthu a m'migodi ing'onoing'ono, aja kuno timawatcha makorokoza. Anabwera ndi kope la sukulu lakuda ndi mafuta a makina, atalikulunga m'pepala la pulasitiki.

"Mwanangu, ndikufuna madola 1,800. Undilembere zokoma, akamve chisoni."

"Mayi, chisoni sichitulutsa ndalama kubanki. Ndipatseni kopelo."

Tsamba loyamba ndimalilemba pomaliza, ngakhale limakhala pamwamba. Pamakhala dzina la bizinesi, malo ake, ndi chiganizo chimodzi chokha: ndalama zingati, zogulira chiyani, zobweza miyezi ingati. Ndimalembanso mtundu wa ndalama. Kuyambira mu Epulo 2024 tili ndi ZiG pambali pa dola ya ku America, ndipo munthu wogulitsa katundu wake m'madola ayenera kunena poyera kuti akubwereka madola, adzabwezanso madola. Anthu ambiri amachita manyazi kutchula ndalama koyambirira, amaibisa kumapeto ngati mmene timachitira popempha kwa amalume. Mkulu wa ngongole sadziwa choti aziyang'ana m'masamba enawo ngati sanamve kuchuluka kwa ndalama.

Lachiwiri limanena za mwini wake, ndipo ndi lalifupi: zaka zomwe wakhala akusoka, anthu omwe amagwira nawo ntchito, ndi chithunzi chimodzi cha iye ali pamakina. Chithunzicho ndinakajambula ndekha ndi foni, maovololo abuluu atapachikidwa pachingwe kumbuyo kwake. Zithunzi zotola pa intaneti sindiikapo, chifukwa obwereketsa ambiri amabwera kudzaona malo, ndipo akapeza zosiyana ndi za papepala nkhani imathera pomwepo.

Lachitatu ndi la ogula. Apa sindilemba kuti "anthu a ku Bindura". Ndimafuna kudziwa kuti ndani, amagula kangati, amalipira liti. Mayi aja anali ndi magulu anayi a makorokoza ogula mwezi uliwonse, sitolo imodzi ya zitsulo yooda makumi awiri, ndi anthu ongodutsa. Amigodi ing'onoing'ono amalipira akagulitsa golide, choncho ndalama yawo ilibe tsiku lokhazikika. Zimenezi timazilemba momwe zilili. Pansi pake tinaika mzere wina womwe unali wamphamvu kuposa yonse: m'kope muja, kumapeto kwake, iwo ankalemba maoda omwe anawabweza chifukwa chosowa nthawi. Tinawerenga, ndipo mwezi uliwonse ankabweza maovololo pakati pa 30 ndi 40.

Tsamba lachinayi ndi lomwe limandidyera nthawi. Ndi la zomwe zinalowa kale, miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka chathunthu. Tinakhala masana awiri tikuphatikiza kope ndi mauthenga a EcoCash a m'foni mwawo, tsiku ndi tsiku. Pomwe kope linkati munthu analipira koma foni ilibe umboni, ndinkafunsa ngati inali ndalama yapamanja. Zinatuluka kuti amasoka maovololo pafupifupi 60 pamwezi. Iwo ankati 80, ndipo sikuti ankanama: munthu amakumbukira mwezi wabwino n'kuiwala woipa. Tinalemba 60. Patsambalo pamakhala tebulo losavuta la mwezi, kuchuluka kwa katundu ndi ndalama, ndipo manambala ake ayenera kufanana ndi sitetimenti yomwe mudzapereke. Akasiyana pamalo amodzi, wowerenga amayamba kukayikira tsamba lililonse.

Kenako pamabwera chomwe ndalama ikagule, chinthu chilichonse ndi mtengo wake, ndi kotesheni ya sitolo itamatidwa kumbuyo. Poyamba tinalemba zitatu: makina amagetsi osokera madola 600, makina opotera m'mphepete mwa nsalu madola 600, ndi mipukutu ya nsalu madola 600. Mawu akuti "zina ndi zina" sindiwalola patsamba limeneli.

Lachisanu ndi chimodzi ndi akaunti ya ovololo imodzi. Imagulitsidwa madola 18. Nsalu, ulusi, zipi ndi malamba onyezimira zimadya madola 11, mtsikana wothandiza kudula amalandira madola 2, ndiye pamatsala madola 5. Maovololo 60 amasiya madola 300 pamwezi. Pamenepo timachotsapo madola 80 a lendi ndi magetsi, komanso madola 200 omwe amapita kunyumba. Mayi aja sanafune kuti ndalama ya kunyumba ilembedwe.

"Iyo ndi nkhani ya m'banja, iwo ikuwakhudza chiyani?"

"Mayi, akudziwa kuti mumadya. Mukapanda kulemba, adziikira okha nambala, ndipo idzakhala yokulirapo."

Tsopano tsamba lachisanu ndi chiwiri, lomwe ndi mtima wa zonse: kabwezedwe. Tisanalembe ndimatuma munthu kuti akafunse chiwongoladzanja ndi mmene amachiwerengera, chifukwa pali njira ziwiri. Ena amawerengera pa ndalama yotsala, ndiye chimachepa pamene mukubweza. Ena amawerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga mpaka kumapeto. Kumene mayi aja anapita anawauza 3 peresenti pamwezi pa ndalama yonse. Pa madola 1,800 kwa miyezi 12, ndiye kuti madola 150 a ngongole ndi madola 54 a chiwongoladzanja, pamodzi 204 mwezi uliwonse. Ndi makina awiriwo akanasoka maovololo 110, otsalapo madola 550. Kuchotsa 280 ya lendi ndi kunyumba, patsala 270. Ndalama ya 270 imakwanira kulipira 204, ndipo iwo anamwetulira.

Koma pali tsamba lachisanu ndi chitatu, la mwezi woipa, lomwe anthu ambiri amalidumpha. Kuno aliyense amadziwa kuti mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale maenje amadzaza madzi, makorokoza amachepetsa ntchito, ndipo sagula zovala. Titayerekeza ndi kope la chaka chapitacho, tinaona kuti m'miyezi imeneyo sangagulitse oposa 70. Amenewo ndi madola 350, kuchotsa 280, patsala 70. Mayunifolomu a sukulu ankawonjezera pafupifupi madola 80. Zonse pamodzi 150, pamene ngongole ikufuna 204. Ndinawatembenuzira kompyuta kuti adzionere okha. Anakhala chete nthawi yaitali, chala chili pa nambala ija.

"Ndiye ndisiye?"

"Ayi. Tichotse makina amodzi."

Tinachotsa makina opotera m'mphepete, popeza mnzawo wapafupi ali nawo ndipo amabwereketsa. Ngongole inatsika kufika pa madola 1,200. Kubweza kwake kunakhala 100 kuphatikiza 36, ndiye 136 pamwezi. Ndi makina amodzi akanasoka pafupifupi 95, otsalapo madola 475, ndipo kuchotsa 280 patsala 195. Mwezi wabwino pali mpata wa madola 59, ndipo mwezi wa mvula 150 ija imakwanirabe. Apa m'pomwe ndinabwerera kukalemba tsamba loyamba.

Patsamba lomwelo la mwezi woipa ndimalembanso za kudalira wogula mmodzi. Anthu a ku Bindura safunika kuphunzitsidwa zimenezi. Mgodi wa Trojan utaima kukumba nikelo, ndipo kampani ya Bindura Nickel Corporation itaikidwa m'manja mwa woyang'anira mu 2024, ogulitsa ndiwo, ometa ndi osoka omwe ankadalira malipiro a kumeneko anamva kuwawa. Munthu akandiuza kuti makasitomala ake onse ndi antchito a Freda Rebecca, ndimamuuza kuti alembe zimenezo poyera ndipo aonetse komwe angagulitsenso. Za magetsi nazonso zimalowa pamenepa: akazima, ntchito imayenda bwanji? Mayi aja anasunga makina awo akale opalasa ndi mwendo, ndipo tinalemba choncho.

Lachisanu ndi chinayi ndi la chikole. Ambiri a kwathu alibe mapepala a nyumba, chifukwa makolo ankakhala m'nyumba za mgodi. Koma lamulo la mu 2017 lokhudza katundu wonyamulika limalola kupinyolitsa zinthu monga makina, galimoto kapena ziweto, ndipo banki yaikulu ya dziko lino imasunga kaundula wa zikole zoterezi. Timalemba chinthu, nambala yake ya pachitsulo, lisiti ngati ilipo, ndi mtengo womwe chingagulidwe lero, osati womwe munagulira. Ngati muli ndi ngongole ina, ngakhale ya kumukando, gulu lija losonkherana ndalama, ilembeni pomwepa. Kuli bwino aimve kwa inu.

Lomaliza ndi mndandanda wa mapepala omwe mwabwera nawo: chitupa, umboni wa komwe mumakhala, chilolezo cha khonsolo, sitetimenti, makotesheni, ndi pepala la ZIMRA ngati bizinesi inalembetsedwa. Malo ngati SMEDCO, EmpowerBank ndi Zimbabwe Women's Microfinance Bank ali ndi mafomu awoawo, ndipo masilaidi salowa m'malo mwa fomu. Ntchito yawo ndi yakuti zomwe mukulemba pafomu ndi zomwe mukuyankhula zikhale chinthu chimodzi.

Tisanasiyane ndinawakhazika mayi aja pabenchi, ine n'kukhala ngati mkulu wa ngongole. Ndinatseka mapepala n'kuwafunsa kuti ovololo imodzi imawasiyira zingati, nanga mu Febuluwale adzabweza ndi chiyani. Ulendo woyamba anasokoneza manambala. Wachitatu anayankha osayang'ana pansi. Sindilola munthu kutuluka ndi masilaidi omwe sangawafotokoze yekha, chifukwa kuofesi kuja ine sindikhalako.

Inu amene mukufuna kubwera kwa ine kapena kwa wina wogwira ntchito ngati yanga, yambani lero kulemba m'kope chilichonse chomwe mwagulitsa, tsiku lake, ndi oda iliyonse yomwe mwaibweza. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mubwere nalo.