Nkhani ziwiri zomwe palibe adazilemba

Mu semesita yathayi ndinapereka mutu wachiwiri wa kafukufuku wanga wa ulimi wothirira. Kumapeto kwake kunali mndandanda wa mabuku ndi nkhani za m'majenalo, ndipo zisanu mwa izo ndinazitenga pa pulogalamu yocheza nayo, ya mtundu uja umene tonse tili nawo m'mafoni masiku ano. Patatha masiku atatu asupavaiza anandiitana ku ofesi. Anali atalemba mzere wofiira pansi pa nkhani ziwiri.

"Izi mwaziwerengadi?" anandifunsa.

Ndinangoti kukamwa yasa. Iwo anatembenuza laputopu yawo n'kundionetsa. Dzina la mlembi linali la munthu weniweni, jenalo nayo inalipodi, koma nkhani ya mutu umenewo kunalibe. Pa masamba omwe ndinatchulawo panali nkhani ina, yosakhudza n'komwe ulimi wothirira. Anandipatsa sabata imodzi, ndipo anandichenjeza kuti zikadzachitikanso, nkhaniyo idzapita ku komiti yoona za chinyengo pa maphunziro.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti nkhani zabodzazo sizinkasiyana ndi zenizeni zitatu zija. Chaka chinalipo, voliyumu inalipo, masamba analipo. Ndinayamba kuwerenga kuti ndimvetse chifukwa chake, ndipo ndinafika poona kuti vuto linali kwa ine: ndinkaganiza kuti pulogalamuyo ndi laibulale, pamene si laibulale.

Pulogalamu yotere ikakhala kuti sinalumikizidwe ku chida chofufuzira, sitsegula buku lililonse poyankha. Inaphunzitsidwa pa zolemba zambirimbiri kuti izilosera kachidutswa ka mawu kotsatira, kenako kena, mpaka chiganizo chithe. Zimene inakumana nazo kambirimbiri imazidziwa bwino. Mfundo yoti Malawi idalandira ufulu wodzilamulira mu 1964 inalembedwa m'malo osawerengeka, choncho kuphonya n'kovuta. Koma nambala ya tsamba la nkhani imodzi yokhudza sikimu ina ya mpunga mwina inaoneka kamodzi kokha, kapena sinaonekepo. Apa ndiye pagona nkhani. Kaonekedwe ka mndandanda wa mabuku pulogalamuyo inakaona nthawi zosawerengeka: dzina, chaka, mutu, jenalo, masamba. Choncho chikombole ili nacho, ngakhale pamene dothi lenileni ilibe. Imangothiramo dzina lomwe limayenderana ndi phunzirolo, mutu womveka bwino ndi manambala ooneka oyenera. Akatswiri amati halusineshoni. Ine ndimangoti kubwebweta, monga amachitira munthu wa malungo aakulu, kungoti uyu amabwebweta atavala tayi.

Nanga n'chifukwa chiyani imanena motsimikiza chonchi? Munthu akamanama kapena kukayika timamugwira ndi chibwibwi, ndiye tinazolowera kuyesa choonadi ndi kamvekedwe ka mawu. Pa makinawa muyeso umenewu sugwira ntchito. Kalembedwe kotsimikiza ndi sitayilo chabe imene anaitengera m'mabuku ndi m'manyuzipepala, ndipo imatuluka chimodzimodzi kaya mfundoyo ndi yoona kaya ayi. Palinso china chimene wophunzira aliyense akuchidziwa. Pa mayeso osankha yankho limodzi mwa anayi, ngati salanda malikisi ukalakwa, kusiya funso kumakupatsa ziro pamene kungolotera kumakupatsa mwayi umodzi mwa inayi. Ndani amasiya? Mu 2025 ofufuza a ku OpenAI analemba kuti mayeso ambiri oyesera mapulogalamuwa ali chonchi: kunena kuti sindikudziwa kulibe malikisi, ndiye kulotera kumapindula.

Si ife ana a sukulu tokha amene tagwa m'mbunamu. Mu 2023, ku khoti la feduro ku New York, pa mlandu wa Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca, maloya anapereka chikalata chotchula zigamulo zisanu ndi chimodzi zomwe sizinachitikepo. Zinachokera pa ChatGPT. Loya amene anachita kafukufukuyo anayesa kutsimikiza pofunsanso pulogalamu yomweyo, ndipo inamulimbitsa mtima kuti zigamulozo n'zenizeni. Woweruza analamula chindapusa cha madola 5,000. Phunziro lake n'lakuti mboni singadzichitire yokha umboni. Funso loti "ukutsimikiza?" limangotulutsa chiganizo china cholosera, chopangidwa m'njira yomweyo.

Mu sabata imene ndinapatsidwa ija ndinasintha kagwiridwe kanga ka ntchito, ndipo zinthu zitatu ndi zimene zinandithandiza.

Choyamba, ndinasiya kuyembekezera kuti pulogalamu indikumbukirire mabuku. Nkhani ndimazipeza ndekha pa Google Scholar kapena ku laibulale, kenako ndimaika nkhaniyo mu pulogalamu ndi malangizo oti yankho lichokere m'chikalatacho basi, mfundo iliyonse ibwere ndi mawu enieni a mlembi, ndipo ngati yankho mulibe inene kuti mulibe. Chiganizo chomalizachi n'chofunika, chifukwa chimatsegula khomo loti isalotere. Ndikatero ndimatenga mawu ogwidwawo n'kuwasaka m'chikalatacho ndi `Ctrl+F`. Akapanda kupezeka, ndimataya. Njirayi imachepetsa kubwebweta kwambiri, koma sikuthetsa. Tsiku lina chikalata chinkanena kuti zokolola zinakwera pa sikimu imodzi, chidule n'kutuluka ngati zinakwera m'boma lonse. Mawu ogwidwa anali olondola, tanthauzo ndi limene linakula. Choncho ndimawerenganso ndime yonse, osati mzere umodzi wokha.

Chachiwiri, nkhani iliyonse ya m'jenalo ndimaiyesa ndi DOI yake, nambala ija yoyamba ndi `10.` imene nkhani zambiri za kafukufuku zimakhala nayo. Ndimailemba pa `doi.org` n'kuona kumene ikundifikitsa. Apa musamangosangalala kuti tsamba latseguka. Pa nkhani zanga ziwiri zija, DOI imodzi sinatsegule chilichonse, koma inayo inatsegula nkhani yeniyeni ya anthu ena pa phunziro lina. Muyenera kufananitsa mutu, alembi ndi chaka. Nkhani imene ilibe DOI, monga malipoti a boma, ndimasaka mutu wake wonse mpaka nditaliona lipotilo ndi maso anga.

Chachitatu ndi kayesedwe kachangu pamene ndilibe chikalata pafupi. Funso lomwelo ndimalilemba katatu, ulendo uliwonse pa tsamba latsopano kuti yankho loyamba lisakoke linzake. Mfundo imene pulogalamu inaiphunzira bwino imabwerera chimodzimodzi. Yolotera imakonda kusinthasintha: apa chaka china, apo dzina lina. Mayankho akasiyana, ndimadziwa kuti palibe pogwira. Koma akafanana sindinena kuti zatheka, chifukwa bodza lofala pa intaneti limabwereranso mosasintha. Kayesedwe aka kamagwira wabodza, koma sikatsimikiza woona.

Ena mwa anzanga amati ngati zonse uyenera kuzionanso wekha, phindu la pulogalamuyo n'chiyani? Funsoli n'lomveka. Yankho langa n'lakuti si zonse zimene zimafuna kukayikiridwa mofanana. Pofotokoza lingaliro lodziwika, kukonza ndime yosokonekera kapena kundithandiza kuona pamene mfundo zanga zikuwombana, imagwira ntchito yabwino ndipo ndimatha kuweruza ndekha pomwepo. Pamene pali ngozi ndi pa zinthu zing'onozing'ono zosowa: mayina, zaka, manambala, mawu ogwidwa, zigawo za malamulo. Ndipo nkhani za kwathu kuno, makamaka za m'Chichewa, zambiri zili m'gulu limeneli, chifukwa zolembedwa za ife pa intaneti n'zochepa. Ife ndiye tiyenera kusamala kuposa wophunzira wa ku London.

Mutu wachiwiri uja ndinauperekanso Lachisanu. Mndandanda unafupika, koma chilichonse chimene chinatsalamo ndinali nditachitsegula n'kuchiwerenga. Asupavaiza anasankha nkhani imodzi mwachisawawa n'kundifunsa zimene zili pa tebulo lachiwiri. Ndinawayankha osayang'ana pa foni.