Tayala la Sienta Lodyeka Mbali Imodzi

Pa Mponela, m'mphepete mwa msewu wa M1, pali bambo wina womata matayala amene sayamba wagwira pampu galimoto ikafika. Amayamba wanjuta n'kusisita tayala ndi chikhatho.

Tsiku lina kunabwera Sienta yonyamula anthu pakati pa Mponela ndi Ntchisi. Dalaivala, mnyamata ndithu, anangoti, "Bambo, ndiwonjezereni mpweya, tayala lakutsogololi likutha msanga." Bambowo atakhotetsa chiwongolero anaona kuti mizere ya chakunja ndi yapakati ili bwinobwino, koma m'mphepete mwa mkati mwasalala.

"Ndinamuuza kuti achimwene, mpweya ulibe mlandu," akutero. "Mpweya ukachepa, tayala limaphwatalala, pakati pamalowa, ndiye limadyeka mbali zonse ziwiri mofanana. Zimenezo ndimaziona kwambiri nyengo yogulitsa fodya ndi soya, chifukwa katundu wopyola muyezo amalidya chimodzimodzi, n'kulitenthetsanso. Mukapopa mopyoza limatukuka pamimba, ndipo pamatha pakati pokha. Koma likadyeka mbali imodzi, ndiye kuti gudumu silinaime bwino."

Apa m'pamene chikhatho chimagwira ntchito. Iwo amasisita mopingasa tayala, kupita mkati n'kubwerera. Ngati kwina kukuterera koma pobwerera mizere ikukanda ngati mano a sowo, magudumu awiri akutsogolo sakuloza kumodzi, ndipo tayala likukhuluzika cham'mbali uku likugudubuzika. Kukakhala kosalala uku ndi uku koma mbali imodzi n'kutha, gudumu langopendekeka. La Sienta lija linkakanda.

"Ndinaikweza pa jeke, ndinagwira gudumu kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza. Linkachita khwekhwerekhwekhwere. Mutu wa tayirodi unali utatha. Nditayeza ndi tepi mpata wa pakati pa matayala awiriwo, kutsogolo kunali kotakasuka kuposa kumbuyo. N'chifukwa chake linkadyeka mkati."

Sizodabwitsa kwa galimoto yotsika zitunda za ku Ntchisi itadzaza, n'kumagwa m'maenje a misewu yafumbi yolowera kumidzi. Bambowo anamulangiza kuti asinthe kaye tayirodi, kenako apite ku Lilongwe kumene kuli makina a alayimenti. Kuchita alayimenti chitsulo chili khwekhwere n'kutaya ndalama, poti chimasunthanso pa dzenje loyamba.

Chimene chimawapweteka mtima n'chakuti madalaivala ambiri amayeza mpweya pomenya tayala ndi chidendene, ena n'kumatsata nambala ya m'mbali mwa tayala, pomwe imeneyo ndi malire chabe. Muyezo weniweni uli pa kapepala ka pafelemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo umayezedwa ndi geji tayala lisanatenthe.

Tayala la mnyamata uja silinapulumuke. Mkatimo mizere inali itafika pa timizere topingasa ta mamilimita 1.6, ndipo penapake waya anali atayamba kusuzumira.