Mayankho awiri amene ofesi imatiletsa kuwerenga

Ntchito yanga ndi yofunsa anthu mafunso a kafukufuku. Ndimayenda ndi tabuleti m'midzi ya kwa Mfumu Chikwa, m'boma la Chama, kukhala pampasa ndi munthu amene wasankhidwa, kumuwerengera funso m'Chisenga kapena m'Chinyanja, ndi kudina yankho lake. Ambiri amaganiza kuti luso lonse lili pa kafunsidwe. Koma zotsatira zimasinthanso kwambiri ndi mndandanda wa mayankho umene uli pansi pa funso, makamaka awiri: lapakati lija lakuti "sindikukhutira komanso sindikudandaula", ndi lakuti "sindikudziwa".

Pepala lililonse la mafunso limatiuza chochita nawo. Ena amati tiwerenge mokweza. Ena amawaika koma n'kulemba pambali kuti tisawerenge, tingodina ngati munthu wanena yekha. Afrobarometer, kafukufuku amene wakhala akufunsa anthu a m'Zambia kuyambira 1999, amatsata njira yachiwiriyi pa "sindikudziwa", ndipo pa mafunso osankha pakati pa ziganizo ziwiri, yankho lakuti "sindikugwirizana ndi chilichonse" nalonso siliwerengedwa. Alipo enanso amene amachotseratu, moti tabuleti siikulola kupita patsogolo mpaka utadina mbali imodzi. Awa ndi amene ndimawaopa, chifukwa wofunsa wotopa amangomusankhira munthu.

Nkhaniyi inayesedwa kale. Mu 1981 Howard Schuman ndi Stanley Presser a ku America anasindikiza buku la zoyesa zawo, zimene ankagawa anthu pawiri mwamaere n'kufunsa funso lomwelo, gulu lina kuliwerengera yankho lapakati kapena "sindikudziwa", lina ayi. Atawerenga "sindikudziwa", oyankha motero ankachuluka ndi anthu pafupifupi 20 pa 100 alionse. Atawerenga lapakati, olisankha ankachuluka ndi 10 mpaka 20 pa 100. George Bishop ndi anzake ku Cincinnati anafunsa za lamulo la 1975 limene linali lopeka, losakhalako n'komwe, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu anapereka maganizo ake. Atawapatsa mpata wonena kuti sanaiganizirepo nkhaniyo, ochita zimenezi anachepa kwambiri.

Titenge funso limene limamveka kuno. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni dera la phungu lililonse. Tiyerekeze kuti tikufunsa anthu 100 kuti, "Kodi ndinu okhutira ndi m'mene ndalamazi zikugwirira ntchito ku Chama South?" Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke. Titawerenga mayankho awiri okha, tinene kuti 55 ati ndi okhutira, 40 ati ayi, ndipo 5 anena okha kuti sakudziwa. Titawerenga onse anayi kwa anthu ofanana nawo, okhutira atsika kufika 35, osakhutira 25, apakati 20, osadziwa 20.

Tsono taonani. Wolemba lipoti loyamba anena kuti anthu oposa theka ndi okhutira. Wachiwiri anena kuti okhutira ndi mmodzi yekha mwa atatu. Palibe wanama, ndipo maganizo a anthu sanasinthe. Koma mukachotsa apakati ndi osadziwa n'kuwerenga okhawo amene asankha mbali, 55 mwa 95 ndi 58 peresenti, ndipo 35 mwa 60 ndi 58 peresenti yomweyo. Izi ndi zimene Schuman ndi Presser anapeza kawirikawiri: mayankho awiriwa amakoka anthu kuchokera mbali zonse ziwiri, motero mbali imene ikutsogola imakhala yomweyo, koma kukula kwa nambala kumasintha. Ndati kawirikawiri, osati nthawi zonse. Ndipo kafukufuku wa chaka chino sangayerekezedwe ndi wa chaka chatha ngati wina anawerenga lapakati, wina osawerenga. Mungaganize kuti anthu ataya chikhulupiriro pamene chasintha ndi pepala.

Chimene ndaphunzira pampasa n'chakuti wapakati ndi wosadziwa ndi anthu awiri osiyana. Mlimi wa mpunga amene akuti, "Madesiki anabwera kusukulu, koma msewu dzinja likafika sudutsika," nkhaniyo akuidziwa bwino; waika zabwino ndi zoipa pa sikelo ndipo zalingana. Gogo amene sanamvepo za CDF alibe choika pa sikelo. Pepala likakhala ndi lapakati lokha, gogoyo amagwera momwemo, ndipo lipoti limati anthu ambiri akuona kuti zili bwino pang'ono, pamene zoona n'zakuti uthenga sunawafike. Mankhwala ake ndi funso lotsogolera: "Kodi munamvapo za ndalama za CDF?" Amene wati ayi sitimufunsanso za kukhutira.

Palinso "sindikudziwa" wina amene si wa umbuli. Mayi akuyang'ana kwa amuna awo amene akhala chapafupi n'kunena kuti, "Kaya, afunseni iwowa." Bambo ataona kuti nduna ya amfumu yaima pa mtengo, akuti, "Zimenezo adziwa ndi a boma." Ameneyu maganizo ali nawo, koma akuopa kumene mawu ake akafike, ndipo tabuleti m'manja mwa mlendo imaoneka ngati ya boma ndithu. N'chifukwa chake Afrobarometer imamaliza ndi funso lakuti munthuyo akuganiza kuti watituma ndani. Ifenso timapempha kuti tikhale patali pang'ono ndi ena tisanayambe. Wina amati sakudziwa chifukwa chotopa chabe: wagona kumunda kuthamangitsa njovu, ndipo ife tamusunga ola lathunthu. Jon Krosnick ndi anzake anaonetsa mu 2002 kuti ambiri osankha "sindikudziwa" akalimbikitsidwa amapereka mayankho omveka, ndiponso kuti yankholi limachuluka pa mafunso a kumapeto.

Choncho munthu akati sakudziwa, ndimabwereza funso kamodzi, mawu omwewo, n'kuwonjezera kuti palibe yankho lolakwa, tikungofuna maganizo ake. Akabwerezanso, ndimadina "sindikudziwa" n'kupitirira. Akati sakufuna kuyankha, limenelo ndi bokosi lina, lokana. Kukakamiza kupitirira apo n'kumulembera munthu mawu. Kwa wapakati, mapepala abwino amaika funso lotsatira: "Ngati mutati mutsamire mbali imodzi, ingakhale iti?" Pamenepo ofesi imapeza zonse ziwiri, kuchuluka kwa apakati ndi kumene akupendekera.

Woyang'anira gulu amazindikira vuto poyerekeza ofunsa. Tikagwira midzi yoyandikana, koma mmodzi ali ndi "sindikudziwa" wochuluka kuposa anzake, ndiye kuti akuwerenga zoletsedwa kapena akuthamanga, ndipo nthawi imene tabuleti imalemba yokha imamuulula. Amene alibe "sindikudziwa" ngakhale mmodzi pa funso lovuta ngati la bajeti ndiye wokayikitsa koposa.

Maganizo anga ndi awa: pa nkhani imene munthu amakhala nayo tsiku ndi tsiku, monga madzi, mtengo wa thonje kapena chipatala, "sindikudziwa" asawerengedwe koma akhalepo, ndipo lapakati liwerengedwe. Pa nkhani za ku Lusaka zimene ambiri sanamve, funso lotsogolera likhale patsogolo. Inu mukamva pa wailesi kuti anthu akutiakuti pa 100 akugwirizana ndi chakuti, funsani kuti anawerengeredwa mayankho angati, ndiponso ngati osadziwa anawerengedwa pamodzi kapena anachotsedwa.