Chithunzi cha nsima: za ku Cape Town sizonse zingagwire ku Kafue

Abale anga a ku Kafue amene mumaphika zogulitsa, lesitilanti yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku Cape Town imadalira Instagram. Amalemba ganyu wojambula, mbale imakonzedwa mwapadera, ndipo zithunzizo zimaikidwa mwezi wonse. Zimayenda chifukwa ogula ambiri ndi alendo, ena amangoitanitsa pa Uber Eats osaponda pakhomo pathu. Kwathu wogula ndi wantchito wa ku Nitrogen Chemicals, mphunzitsi wa ku Kafue Estates, kapena dalaivala wa thiraki yopita ku Chirundu. Ameneyu akufuna kudziwa zimene zapsa lero ndi mtengo wake, basi.

Choncho malo anu ndi Status ya WhatsApp. Imafufutika pakatha maola 24, zomwe n'zabwino, chifukwa ndiwo za dzulo sizikunamizani. Koma pali msampha: amaiona okhawo amene munasungirana manambala. Mukasunga yawo, iwo osasunga yanu, mukuitanira mphepo. Ntchito yeniyeni ili pakauntala. Aliyense wolipira pa Airtel Money kapena MoMo mumupemphe asunge nambala yanu pomwepo, inunso musunge yake. Pansi pa Status pamaoneka anthu amene aiona. Akakhala omwewomwewo sabata ndi sabata, vuto si chithunzi ayi, ndi manambala.

Ikani chithunzi cha m'ma 11 koloko, njala itayamba koma anthu asanasankhe kokadya. Pukutani kamera ya foni, poti ya kukhitchini imakhala ndi mafuta. Tulutsani mbale pakhomo, pamthunzi, ndipo muzimitse fulashi, chifukwa nsima ndi yoyera, kuwala kukachuluka imangooneka chibuluma chopanda maonekedwe. Nsomba ikhale kutsogolo itangochoka m'mafuta, chibwabwa pambali, nsima kumbuyo. Mtengo mulembe pachithunzi pomwepo. Vidiyo isiyeni, anthu amaumira bandulo. Ndipo jambulani mbale imene munthu adzalandiredi. Mlendo wa kuno akakhumudwa amakwera ndege n'kupita, koma wa ku Kafue mudzakumana naye kutchalitchi.

Pa zotsitsa mitengo ndiye samalani. Mabwana akuno amatha kupereka mbale ziwiri pa mtengo wa imodzi chifukwa amabweza pa vinyo. Inu vinyo mulibe. Tinene kuti nsima ya nsomba mumagulitsa K60, ndipo ufa, nsomba, mafuta ndi makala zimadya K40. Phindu ndi K20. Mukatsitsa K10 yokha, phindu latsika ndi theka, ndiye kuti mugulitse mbale 40 pamene munkagulitsa 20 kuti mupeze ndalama yomweyo. Kuli bwino mtengo ukhale womwewo, muonjezere kapu ya munkoyo, yomwe mwina ingakudyereni K3. Sankhani tsiku limene anthu amachepa, likhale lomwelo sabata iliyonse, ndipo munene kuti munkoyo ndi wa okhawo oonetsa Status pafoni. Madzulo mukawerenga makapu mudzadziwa anthu amene chithunzi chabweretsa.