Kalumo ka mlendo

Ndemanga yaitali ya mlendo ndi chuma chovuta kugwiritsa ntchito. Munthu akakhala pansi n'kulemba mawu 400 za malo amene anagona, watipatsa zambiri kuposa amene amangodinda nyenyezi zisanu n'kulemba kuti "malo abwino". Koma anthu amene tikufuna kuti aiwerenge amawerengera pa foni, mwina ali m'minibasi, bandulo ili pafupi kutha. Uthenga ukatalika Facebook imaudula n'kuikapo "See more", ndipo ambiri sadinapo. Ndemanga yotere imafunika kugawidwa, ndipo ntchito yogawayo ndi imene imandigwera ine panyumba yogona alendo ya azakhali anga ku Nkhata Bay, poti foni ya bizinesi ndimasunga ndine.

Nyumba yathu ili ndi zipinda 8 ndipo inamangidwa pamtsetse wotsikira kunyanja, monga zilili nyumba zambiri za kuno. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mvula ikalimba alendo amachepa, koma mlonda, mayi wophika ndi mtsikana wokonza m'zipinda amayembekezerabe malipiro awo mwezi ukatha. Ndi m'nyengo yotereyi pamene mayi wina wa ku Zambia, amene anagona kwathu masiku anayi pamodzi ndi amayi ake okalamba, anatilembera ndemanga m'Chingerezi pa Google Maps. Anatipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinaona kuti mmenemo muli mauthenga a sabata yathunthu.

Ndisanakhudze chiganizo chilichonse ndinamupempha chilolezo. Ena amati ndemanga ikakhala poyera ndiye kuti ndi ya aliyense, koma mayiyu analembera apaulendo anzake, osati kuti akhale wotsatsa malonda athu. Ndinamulembera pa WhatsApp kumuuza kuti ndikufuna kutenga zigawo za mawu ake, kuti ndizimasulira m'Chichewa, ndi kuti sindidzatchula dzina lake kapena kuika chithunzi chake. Anavomera, n'kungopempha chinthu chimodzi: matenda a mawondo a amayi ake asatchulidwe. Anali atawalemba yekha mu ndemangayo, koma kuwaona pa tsamba la bizinesi ndi nkhani ina. Tinagwirizana kumutchula kuti "mlendo wochokera ku Zambia", basi.

Kenako ndinakopera ndemanga yonse m'kope, chiganizo chilichonse pamzere wakewake, n'kuziika manambala. Zinakwana 23. Pa chilichonse ndinkadzifunsa kuti: kodi chikuyankha funso liti la munthu amene sanafikepo kuno? Mafunsowo ndimawadziwa chifukwa ndi omwe amabwera pa foni tsiku ndi tsiku. Tikachedwa panjira tikupezani? Munthu wamkulu angathe kuyenda pamalopo? Chakudya chimapezeka? Magetsi akazima zimakhala bwanji? Ziganizo zitatu zinali za kufika usiku, zisanu za masitepe, zinayi za chakudya, zinayi za magetsi ndi madzi otentha, zitatu za m'mawa kunyanja. Zinayi zotsalazo zinali zoyamikira wamba: malo okongola, anthu ansangala, tinasangalala kwambiri. Zimenezi ndinaziika pambali. Mawu otero angalembedwe za loji iliyonse kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi, ndipo owerenga amawadumpha monga amadumphira chikwangwani cha m'mbali mwa msewu.

Lamulo langa ndi lakuti uthenga umodzi uyankhe funso limodzi. Umakhala ndi zinthu zitatu: mawu a mlendo osapitirira ziganizo ziwiri, chiganizo chathu chimodzi chowonjezera mfundo imene iye sakanaidziwa, ndi chithunzi cha chinthu chenichenicho chimene akunena. Uthenga wa Lolemba unali wotere. Mlendo wochokera ku Zambia anagona kwathu masiku anayi, ndipo sabata ino tikugawirani zimene analemba, pang'onopang'ono. Iye anati: "Tinachedwa kunyamuka ku Mzuzu ndipo tinafika cha m'ma 10 koloko usiku. Mlonda anali pamsewu ndi tochi kutidikira." Mukachedwa panjira, ingotiimbirani mukamanyamuka ku Mzuzu. Chithunzi chake chinali cha geti lathu madzulo, nyali itayaka, osati cha dzuwa likutuluka panyanja.

Chiganizo choyamba cha uthengawu n'chofunika kwambiri. Ngati sitinena pa Lolemba kuti mawu onsewa ndi a munthu mmodzi, owerenga adzaganiza kuti alendo asanu ndi awiri atiyamikira sabata imodzi, ndipo limenelo ndi bodza ngakhale chiganizo chilichonse chili choona. Pa chifukwa chomwechi sindilemba kuti "alendo athu amati". Amene ananena ndi mmodzi. Tsiku lililonse ndimayamba ndi mawu akuti "mlendo wathu uja", kuti wongolowa Lachinayi adziwe kuti pali nkhani imene ikupitirira.

Pamene pamagona vuto lalikulu ndi pa kamawu kakuti "koma". Za chakudya mayiyu analemba kuti batala wootcha ndi kondowole zinali zokoma kuposa nsomba ina iliyonse imene anadya paulendowo, koma anadikira ola lathunthu. Kudula pa "koma" n'kosavuta, ndipo palibe liwu limene ndingakhale nditasintha. Komabe tanthauzo likanasintha, chifukwa iye ankauza anzake kuti adye koma akonzekere kudikira. Njira yanga yoyesera ndi iyi: mwini mawu atauona uthengawo, kodi anganene kuti "ndi zimenedi ndinanena"? Ngati angakwinye nkhope, ndiye kuti ndadula molakwika. Lachitatu ndinasiya chiganizo chonse ndi "koma" wake, n'kuwonjezera zathu: nsomba sitiphikiratu, timaiika pamoto munthu akaitanitsa, choncho tiuzeni masana kuti madzulo mudzaipeze ili tayale.

Kumasulira nakonso kuli ndi msampha wake. Liwu la Chingerezi limene anagwiritsa ntchito pofotokoza chipinda limangotanthauza kuti chinali chaukhondo ndi chosavuta, chopanda zambiri. Dzanja limafuna kulemba kuti "chapamwamba". Mlendo wobwera chifukwa cha liwu limenelo akapeza bedi, neti ya udzudzu, tebulo ndi mpando umodzi, adzamva kuti tamunamiza. Ndimamasulira motsitsa osati mokweza, ndipo pansi pa uthenga ndimalemba kuti mawuwa tawamasulira kuchokera m'Chingerezi.

Nkhani ya masitepe ndi ya magetsi ndi imene tinasiyana maganizo ndi azakhali. Mayiyu analemba kuti kutsika kuchokera pamsewu kufika kuzipinda za kunyanja n'kovuta kwa munthu wamkulu, ndi kuti m'mawa mwake tinawasamutsira kuchipinda cha kumtunda osawonjezera mtengo. Analembanso kuti usiku wina magetsi anazima, nyali za sola zinayaka, koma m'mawa madzi a m'bafa anali ozizira mpaka mtsikana atabweretsa ndowa ya madzi ofunditsa pamoto.

"Iwe, ukufuna tiziimika alendo pamsewu n'kumawauza kuti kuno kulibe magetsi?" anafunsa azakhali.

"Ayi azakhali. Ndemangayo ili kale poyera, ndipo aliyense wofuna kubwera aiwerenga. Tikabisa, aona kuti tasankha zotikomera zokha. Tikanena tokha, tikhala ndi mpata wofotokoza zimene timachita."

"Nanga akathawa?"

"Amene angathawe chifukwa cha masitepe ndi yemwe akanabwera n'kudzatilembera nyenyezi imodzi."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndiwerenge masitepewo m'malo mongoti ndi ambiri. Ndinawawerenga: 54 kufika kunyanja, 9 okha kufika kuzipinda ziwiri za kumtunda. Manambala amenewa ndi amene anakhala mtima wa uthenga wa Lachiwiri, pamodzi ndi chithunzi cha masitepewo chojambulidwa kuchokera pansi, mmene amaonekera kwa munthu woti akwere. Lachinayi tinaika za magetsi, ndi chithunzi cha nyali ya sola ili patebulo. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ife tinazolowera masitepe athu moti sitinkawaonanso, mpaka munthu wa kutali atawalemba.

Za m'mawa kunyanja ndinazisungira Lachisanu, tsiku limene anthu a ku Mzuzu amaganiza zokapuma kumapeto a sabata. Mayiyu analemba za asodzi akubwerera ndi mabwato awo dzuwa lisanakwere, ndi amayi akudikira usipa pagombe ndi mabeseni. Ndi uthenga wokhawo umene ndinaikamo mtengo wa chipinda ndi nambala ya foni. Kuika mtengo tsiku lililonse kumasandutsa mawu a mlendo kukhala chikuta cha malonda.

Milu yogwiritsa ntchito inali isanu, masiku ndi asanu ndi awiri. Apa m'pamene munthu amayesedwa kutambasula, kutenga chiganizo cha Lolemba n'kuchibwereza m'mawu ena, kapena kubwerera ku "malo okongola" aja. Owerenga amazindikira msanga mtolo ukatha nkhuni. Loweruka ndinapereka mpata kwa mayi wophika, nditawapempha kaye, kuti afotokoze m'mawu awo mmene amakandira kondowole kuchokera ku ufa wa chinangwa choviika ndi kuyanika. Mawu awo ndinawaika m'dzina lawo la ntchito, osawasakaniza ndi a mlendo. Lamulungu ndinathokoza mlendoyo ndi kuuza anthu kumene angawerenge ndemanga yonse, kuti wofuna atsimikize yekha kuti sitinapotoze kanthu. Uthenga uliwonse ndinkauikanso pa WhatsApp Status, imene imafufutika pakatha maola 24, choncho umodzi patsiku umakwanira bwino.

Kuti ndidziwe ngati zagwira ntchito sindiwerenga zala za "Like", poti zambiri zimachokera kwa abale ndi anzathu amene sadzalipira chipinda. Ndimayang'ana mafunso obwera pa foni, ndipo aliyense wofunsa ndimamufunsa kuti wationa kuti. Chithunzi cha asodzi chinakondedwa kwambiri, koma funso limene linasanduka ndalama linachokera pa masitepe: bambo wina wa ku Lilongwe anafunsa ngati chipinda cha kumtunda chili ndi bafa mkati, chifukwa ankafuna kubwera ndi bambo ake oyendera ndodo. Anagona masiku atatu.

Njirayi ili ndi malire ake. Ndemanga imakalamba: tikadzaika chotenthetsera madzi cha sola, uthenga wa ndowa uja udzakhala wabodza ndipo uyenera kuchotsedwa. Ndiponso maso a munthu mmodzi saona zonse. Mayiyu sanasambire, sanakwere Ilala, sanabwere ndi ana, choncho sabata yake sinayankhe mafunso a anthu otero, ndipo sindikanamuika mawu m'kamwa. Mafunso amenewo ndawalemba kumapeto kwa kope lija, kudikira mlendo wina amene adzakhale pansi n'kulemba zazitali.