Mtengo wowotcherera ngolo kumudzi

Ndine wowotcherera zitsulo, ndipo shedi yanga ili pafupi ndi msewu wa M1 kuno ku Ngabu. Kwa zaka zambiri ntchito inkandipeza ndili pompo: mageti, mafelemu a mawindo, njinga za kabaza zothyoka pakhosi, makasu. Mitengo ya zimenezi siivuta chifukwa aliyense amaidziwa, ndipo ukakweza pang'ono kasitomala amangoloza shedi ya mnzako. Koma m'chaka cha 2024 ndinayamba ntchito imene kudera lathu inalibe mtengo wodziwika. Ndinagula jenereta ya petulo ndi kamakina kowotcherera konyamulika, ndinadzipangira kangolo kokoka ndi njinga yamoto, n'kuyamba kutsatira ngolo za ng'ombe kumene zathyokera, m'midzi yopanda magetsi.

Kuno kuchigwa ngolo ndi galimoto ya munthu wamba. Imanyamula thonje, mapira, njerwa, migolo ya madzi, ngakhale wodwala. Misewu yam'midzi inakumbika kwambiri ndi madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023, ndipo ngolo zimang'ambika malo awiri odziwika: pamene ekiselo imagwirana ndi felemu, ndi pamene chitsulo chokokera chimalumikizana ndi thupi la ngolo. Zoti ntchito ilipo sindinkakayika. Chimene chinkandisowetsa tulo n'chakuti, munthu akandifunsa kuti "Zingati?", nditchule chiyani?

Anzanga ena ankati ndingofunsa anthu kuti angalipire zingati. Funso limenelo silibweretsa yankho loona. Munthu wa kwathu ukamufunsa motero, mwina atchula ndalama yochepa kwambiri poopa kuti umugwirira pa mawu ake, mwina avomera zilizonse mwaulemu n'kusabweranso. Ena ankati ndiyambe motchipa kuti anthu andizolowere. Izi ndinakana, chifukwa kumudzi mtengo woyamba suiwalika. Ukawotcherera ngolo ya mfumu pa K10,000, pofika madzulo mudzi wonse wadziwa, ndipo chaka chamawa ukatchula K20,000 amati wayamba kudyera anthu masuku pamutu, ngakhale kuti poyamba paja unkaluza ndiwe.

Ndiye ndinayamba ndi chimene ndikanatha kuyeza ndekha, chomwe ndi ndalama imene ntchitoyo imandidyera. Ndinatenga felemu yakale ya ngolo, n'kuigwira pashedi ngati kuti ndili kumudzi, magetsi a Escom osagwiritsa ntchito. Mng'alu wa pa ekiselo sungodzazidwa pamwamba. Umayamba waupala ndi girayinda mpaka utatseguka ngati kamgula, umawotcherera mkati ndi ndodo zopyapyala za 2.5, umabwereza ndi za 3.2, kenako umaika kachitsulo kophimba kuti katundu akalemera mphamvu isagwere pamsoko pokha. Ndinathira petulo woyezedwa m'botolo, ndipo nditamaliza ndinaona kuti jenereta yamwa malita awiri. Nthawi imeneyo lita inali pa K2,530, ndiye tinene K5,000. Ndodo khumi zinandidyera K3,000, theka la disiki ya girayinda K1,500, kachitsulo kophimba K1,000. Njinga yamoto kupita ndi kubwera mtunda wa makilomita 15 imafuna lita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, K2,500. Zonsezo ndi K13,000.

Pali zinthu ziwiri zimene amisiri ambiri saziwerengera chifukwa patsikulo sizituluka m'thumba. Choyamba ndi kutha kwa makina. Jenereta yoyenda m'fumbi ndi m'kutentha kwa kuno imafuna oyilo pafupipafupi, ndipo tsiku lina idzafa ndithu. Ndinaiikira K2,000 pa ulendo uliwonse. Chachiwiri ndi theka la tsiku limene shedi yanga imakhala ndi mnyamata wophunzira yekha. Ndinaona m'kabuku kanga kuti pa theka la tsiku ndimatsala ndi pafupifupi K7,000. Ndikaphatikiza zonse, K22,000 ndiye panali pansi. Kutsika pamenepo kukanatanthauza kuti ndikumulipirira kasitomala ndi chakudya cha ana anga.

Pamwamba pake ndinapapeza pofunsa funso lina. M'malo mofunsa za mawa, ndinkafunsa za dzulo. Tsiku la msika ndinkapita pamene eni ngolo amamangirira ng'ombe, n'kufunsa kuti, "Bambo, ngolo yanuyi itathyoka komaliza munatani?" Pa funso lotere munthu amamasuka, amafotokoza mpaka dzina la ng'ombe imene inkakoka tsikulo. Nkhani zawo zinkafanana. Amamasula matayala, amabwereka ngolo ya mnzawo kuti inyamule felemu kufika nayo ku Ngabu, Nchalo kapena Bangula, ndipo amalipira ngati K10,000. Pashedi amalipira ngati K12,000. Magetsi akazima amagona komweko kapena amabwereranso mawa lake. Masiku awiri ngolo siigwira ntchito, pamene nthawi ya njerwa kapena ya thonje imabweretsa mwina K8,000 patsiku. Munthu ameneyo amataya pafupifupi K38,000, ngakhale kuti m'mutu mwake amangokumbukira K12,000 ya pashedi.

Apa m'pamene pali vuto lenileni la ntchito yatsopano. Anthu amaiyerekeza ndi chinthu chimene akuchidziwa kale, ndipo kwa ine chinali mtengo wa pashedi. Ndikanangoti "K25,000" n'kutseka pakamwa, akanamva kuti ndawirikiza kawiri. Choncho mtengowo ndinaugawa pawiri ndipo ndimautchula pawiri: mu 2024 inali K8,000 ya ulendo, K17,000 ya ntchito. Ya ulendo saikana chifukwa amadziwa kuti wakabaza wa njinga yamoto sapita ulere, ndipo ndi yochepa poyerekeza ndi imene amabwerekera ngolo. Ya ntchito ndimaifotokoza botolo la petulo lili m'manja: kuno kulibe waya wa Escom, moto wowotcherera ukuchokera m'botolo ili.

N'chifukwa chiyani ndinaima pa K25,000, pafupi ndi pansi, osati K35,000? Chifukwa K38,000 ija si ya chaka chonse. Mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee ndipo misewu ili matope, ngolo imangokhala pansi pa mtengo, ndipo masiku awiri otayika sawerengedwa kanthu. M'chaka cha 2024 kunalinso chilala, moti mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, Chikwawa ndi Nsanje ali momwemo. Ndinkafuna mtengo umodzi woti ndikhoza kuutchula mu Juni ndi mu Febuluwale osachita manyazi. Ndipo sindisintha mtengo poona nkhope kapena poona kuti munthu wapanikizika. Ngolo ikathyokera pakati pa njira itadzaza thonje, mwiniwake akhoza kulipira chilichonse, koma kumulipiritsa moonjezera chifukwa cha tsoka lake n'kulakwa, ndipo iye ndi abale ake sadzaiwala.

Ulendo wina ndinaitanidwa kumudzi wa chakumadzulo, njira yolowera kumapiri. Mwini ngolo anali bambo wachikulire, ndipo nditatchula mtengo anangoti duu, akuyang'ana ekiselo. Amene anayankha anali mayi a pakhomopo: "Achimwene, ya ntchitoyo tamva. Nanga ya ulendoyo, mukawotchereranso za ena m'mudzi muno, tilipira tokha?" Ndinati ayi, ulendo ndi umodzi, ogawana akachuluka umapepuka. Anatuma mwana, ndipo ndisanamalize kupala mng'alu panali patafika pulawo yothyoka chogwirira, njinga, ndi ngolo ina yomasuka chokokera. Anthu anayi anagawana K8,000 ija, aliyense K2,000, ndipo bambo aja analipira K19,000. Ine sindinataye kanthu, ndinapindula kuposa mmene ndikanapindulira pa ngolo imodzi. Kuyambira pamenepo, munthu akaimba foni ndimamuuziratu kuti auze anzake, ndipo m'midzi ina anyakwawa amalengeza okha tsiku limene ndikubwera.

Mtengo ukatchulidwa, anthu amakuuza ngati uli bwino, koma osati ndi pakamwa. Aliyense akamavomera msangamsanga osanenerera n'komwe, dziwa kuti watchipitsa, chifukwa kuno munthu sagula ngakhale nkhuku osapempha kuti umuchotsereko. Akamanenerera pang'ono n'kulipira, uli pabwino. Chovuta kumva ndi mawu akuti "ndikuimbirani", chifukwa amatanthauza zinthu ziwiri: mwina mtengo wakwera, mwina munthuyo alibe ndalama lero. Ndimasiyanitsa pomupatsa njira ina yolipirira, mtengo osaukhudza. Ndimati apereke ya petulo ndi ndodo tsopano, yotsalayo akagulitsa thonje kapena chitowe. Akavomera mosangalala, vuto linali nthawi. Akakanabe, ndipo anthu angapo otsatizana akachita chimodzimodzi, ndiye kuti mtengowo ndi umene ukufunika kuuonanso. Ya petulo ndi ndodo yokhayo sindikongoza, chifukwa popanda iyo mawa sindinyamuka.

Ena amalipira ndi nkhuku, mapira kapena kambuzi. Ndimalandira, koma timayamba tagwirizana mtengo wa ntchito m'makwacha, kenako n'kuwerengera chiwetocho pa mtengo wa pamsika sabata imeneyo, pali mboni. Mukayamba ndi kunena kuti ntchito iyi ndi ya mbuzi imodzi, mudzakangana pa kukula kwa mbuziyo.

Chinanso chimene ndinachita kuyambira tsiku loyamba ndi kumangirira mtengo ku lita ya petulo. Tonse tinaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo n'kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Mmisiri amene anali atalonjeza mitengo yakale anagwira ntchito yaulere. Ndiye ndimauza anthu poyera kuti ya ulendo ndi ngati malita atatu, ndipo pampu ikakwera nayonso ikwera. Mafuta atasowa chakumapeto kwa 2024, ndikugula kwa mavenda a m'zigubu modula, ndinkaonjezera kusiyana kwa malita okhawo amene ndagwiritsa ntchito, ndipo ndinkamuuziratu munthu pa foni ndisananyamuke kuti asankhe yekha kudikira kapena ayi.

Tintchito ting'onoting'ono, monga khasu, chishalo cha njinga kapena chogwirira cha mpoto, sindiwerengera ngati ngolo. Jenereta ikakhala kuti yalira kale, ndimalipiritsa potengera ndodo zimene zapsa, ndipo tizidutswa totsala ndimatiika pansi kuti mwiniwake awerenge yekha. Pali ntchito imodzi imene sinditchulira mtengo n'komwe. Zitsulo zina za pakati pa tayala n'zoumba, ndipo ukazipala ndi girayinda zimatulutsa tinthethe tofiira tatifupi m'malo mwa tataliatali towala. Chitsulo chotere ukachiwotcherera ndi ndodo wamba chimang'ambikanso pambali pa msoko chikangozizira kapena ngolo ikangolemedwa. Ndikaona tinthethe timeneto ndimazimitsa jenereta, ndimamuuza mwiniwake kuti akagule china, ndipo amangolipira gawo lake la ulendo.